Ophunzira akamachongerana ntchito: zimene zimalakwika ndi kakonzedwe kake

M'kalasi ya ophunzira 80, mphunzitsi wa Chichewa akapereka kalata kapena chimangirizo amasenza mulu wa makope umene sangaumalize sabata imodzi. Ambiri amangouza ana kuti, "Sinthanani makope, muchongerane." Pakapita masabata awiri madandaulo amayamba: aliyense wapeza 18 pa 20, wina walira chifukwa cha zimene mnzake wamulembera, kholo labwera kudzafunsa ngati aphunzitsi anasiya ntchito. Mavuto amenewa amabwerezabwereza sukulu ndi sukulu, ndipo kawirikawiri gwero lake si nkhanza kapena ulesi wa ana. Gwero lake ndi muyezo umene tawapatsa komanso mmene tagawira mapepala.

Chitsanzo chimene titsate ndi cha Fomu 3. Ophunzira alemba kalata yantchito yopita kwa khansala, kudandaula za mjigo umene unawonongeka m'mudzi mwawo.

Mmene ntchitoyi iyenera kuyendera

Wophunzira aliyense alembe kalata yake papepala lapadera, osati m'kope, ndipo pamwamba alembe nambala imene mwamupatsa m'malo mwa dzina. Pamalo a saini ndi dzina alembe dzina longopeka. Agaweni m'magulu a anayianayi. Gulu lililonse lilandire makalata anayi ochokera ku gulu lina, ndipo kalata iliyonse idutse m'manja mwa anthu atatu. Wochonga aliyense alembe malikisi ndi ndemanga pakapepala kakekake, osati pakalatapo. Tsamba limodzi la m'kope mukalidula panayi limakwana.

Muyezo wochongera ukhale pabolodi nthawi yonse. Uwu ndi wa m'kalasi chabe, si umene a MANEB amachongera mayeso a MSCE:

- Maonekedwe a kalata, malikisi 6: keyala ya wolemba, tsiku, keyala ya wolandira, malonje, mutu, ndi mawu otsekera pamodzi ndi saini. Chilichonse likisi imodzi.
- Mfundo, malikisi 8: vuto ndi chiyani, labweretsa zotani, anthu a m'mudzi achitapo chiyani, akupempha chiyani. Mfundo yongotchulidwa ipeze 1, yofotokozedwa ndi chitsanzo kapena chifukwa ipeze 2.
- Ndime, malikisi 3: chiyambi, thunthu, mathero.
- Kalembedwe, malikisi 3: werengani zolakwika m'mizere khumi yoyamba. Zikakhala 0 mpaka 2 apeze 3. 3 mpaka 5 apeze 2. 6 mpaka 9 apeze 1. Kupitirira apo 0.

Chizindikiro 1: Aliyense akupeza malikisi okwera

Ili ndilo vuto lofala kuposa onse. Kuti mulitsimikize, tolani makalata khumi mwachisawawa, muwachonge nokha musanaone timapepala ta ana, kenako muyerekeze. Ngati asanu ndi awiri kapena kuposa apatsidwa malikisi oposa anu ndi 3, vuto lilipo ndithu. Zoyambitsa, kuyambira yofala kwambiri:

*a) Muyezo uli ndi mawu otambasuka.* Mukalemba pabolodi kuti "mfundo zomveka, malikisi 8", mwana wa Fomu 3 alibe poyambira. Wawerenga kalata, waimva, ndiye kuti ndi yomveka, basi wapereka 8.

- Fufuzani: funsani ana atatu, aliyense payekha, kuti, "Kalata yopeza 4 pa mfundo imasiyana bwanji ndi yopeza 8?" Akayankha zosiyana kapena kungokhala chete, muyezo ndiwo ukudwala.
- Konzani: sandutsani mzere uliwonse kukhala chinthu chimene mwana angaloze ndi chala. Lamulo likhale lakuti likisi iliyonse ikhale ndi chiganizo chimene yachokera. Wochonga akalephera kuloza chiganizocho, likisiyo ichotsedwe.
- Chenjerani: musathawe vutoli podula muyezo m'timagawo khumi ndi tiwiri. Nancy Falchikov ndi Judy Goldfinch, m'chaka cha 2000, anaphatikiza kafukufuku 48 wa m'sukulu zaukachenjede ndipo anapeza kuti malikisi a ophunzira amayandikana kwambiri ndi a aphunzitsi pamene muyezo ukumveka bwino, kusiyana ndi pamene auzidwa kupereka malikisi pa timagawo tambirimbiri. Magawo anayi akwana.

*b) Wochonga akumudziwa mwini kalata, ndipo iyenso akuchongedwa ndi yemweyo.* Ana okhala desiki limodzi akasinthana, aliyense amadziwa kuti kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana: ndikakupatsa 18, nawenso undipatsa 18.

- Fufuzani: onani ngati awiri amene anasinthana apatsana malikisi ofanana kapena osiyana ndi imodzi yokha.
- Konzani: mapepala azizungulira, asamabwerere kumene achokera. Gulu 1 lipereke ku gulu 2, gulu 2 ku gulu 3, mpaka gulu lomaliza lipereke ku gulu 1. Nambala musatenge ya mu rejisita, chifukwa ana amaidziwa pamtima. Ngati amadziwana zolemba za pamanja, sinthanani milu ndi kalasi ina, 3A ichonge za 3B.

*c) Ana akuganiza kuti malikisiwa alowa pa sukulu lipoti.* Palibe mwana amene amafuna kuti mnzake akakalipiridwe kunyumba chifukwa cha iye. Nenani poyera tsiku loyamba kuti malikisi a anzawo salowa m'buku lanu, ndipo musawalowetsedi. Mukangowalowetsa kamodzi, sadzakukhulupiriraninso teremu yonse.

*d) Wochonga mwiniwake sadziwa yankho.* Amene anaiwala mutu pa kalata yake sangaone kuti wa mnzake ukusowa. Musanagawe mapepala, lembani pabolodi kalata imodzi yanuyanu yokhala ndi zolakwika zoikamo dala, muichonge pamodzi ndi kalasi yonse. Musatenge kalata ya mwana wa m'kalasimo kukhala chitsanzo cha zolakwika, ngakhale mutabisa dzina. Mwini wake amaizindikira, ndipo anzake amamuona nkhope ikugwa.

Chizindikiro 2: Kalata imodzi, malikisi otalikirana

Apa tiyeni tione kalata imodzi bwinobwino. Kalata nambala 41 yapeza 17 kwa wochonga woyamba, 12 kwa wachiwiri ndi 11 kwa wachitatu. Musafunse kuti akunena zoona ndani. Ikani timapepala titatuto pamodzi, muone gawo ndi gawo:

- Woyamba: maonekedwe 6, mfundo 7, ndime 3, kalembedwe 1.
- Wachiwiri: maonekedwe 5, mfundo 4, ndime 2, kalembedwe 1.
- Wachitatu: maonekedwe 5, mfundo 4, ndime 2, kalembedwe 0.

Kusiyana kwakukulu kuli pa mfundo. Mukawerenga kalatayo mupeza kuti yadzaza tsamba, zilembo zake n'zokongola, koma mfundo zake zinayi zangotchulidwa: "Mjigo wathu unawonongeka." "Anthu akuvutika kwambiri." "Tinasonkha ndalama." "Chonde tithandizeni." Sakunena kuti chinawonongeka n'chiyani kapena liti, anthu akutunga kuti tsopano, ndalama zinakwana zingati, khansala achite chiyani kwenikweni. Malinga ndi muyezo, iliyonse ipeza 1, zonse pamodzi 4. Woyamba anakopeka ndi kutalika komanso ukhondo wa kalatayo, mpaka sanaone kuti mutu palibe ndiponso kuti kalata yathera m'malere popanda ndime ya mathero.

Kusiyana kwa wachiwiri ndi wachitatu n'kwa mtundu wina. Mwini kalata analemba "njigo" kanayi m'malo mwa "mjigo". Wachiwiri anawerenga cholakwikacho kamodzi n'kupeza zolakwika 8. Wachitatu anawerenga kanayi n'kupeza 11. Onse awiri anachita mwachilungamo. Muyezo ndiwo sunanene chochita.

Zoyambitsa, motsatana:

1. *Kukopeka ndi zilembo zokongola kapena kutalika.* Uzani ana kuti achonge gawo limodzi panthawi: awerenge koyamba kufuna maonekedwe okha, kachiwiri mfundo zokha. Zilembo za pamanja mulibe pa muyezo, choncho zilibe malikisi.
2. *Muyezo uli ndi mpata.* Onjezerani mzere pabolodi: liwu limodzi lolakwika mobwereza liwerengedwa kamodzi. Mpata wotere umaonekera ana akayamba kuchonga, ndipo aliyense amene waupeza ayamikiridwe.
3. *Wochonga wina ndi wouma manja kapena wofewa mwachibadwa.* Onani timapepala take tonse titatu. Ngati paliponse ali pansi pa anzake, mukhale naye pa kalata imodzi, azikulozerani pamene wachotsera likisi.
4. *Chidani kapena ubwenzi.* Izi zimachitika, koma mochepa kuposa mmene timaganizira. Musayambire apa, chifukwa mukaneneza mwana za kukondera pamene anangosokonezeka ndi muyezo, mwataya wochonga wabwino.

Nanga mwini kalata alandire malikisi ati? Mukaphatikiza 17, 12 ndi 11 n'kugawa patatu mupeza 13.3, ndiye kuti kulakwitsa kwa munthu mmodzi kwakoka zonse. Ndandalikani malikisi atatuwo kuyambira ochepa, mutenge apakati: 11, 12, 17, apakati ndi 12. N'chifukwa chake ochonga ayenera kukhala atatu, osati awiri. Ngati okwera ndi otsika asiyana ndi malikisi oposa 3, monga apa, gululo likambirane kaye. Likalephera kugwirizana, kalatayo ibwere kwa inu.

Nthawi zina vuto limakhala lotembenuka: atatu onse apereka malikisi ofanana ndendende pa makalata onse. Pamenepo wachiwiri ndi wachitatu akungokopera woyamba. Timapepala tizipindidwa n'kusungidwa mpaka onse amalize.

Chizindikiro 3: Ndemanga zopanda kanthu

"Wakhoza." "Yesetsabe." "Zili bwino, pitiriza." Mwini kalata akawerenga zimenezi sadziwa chimene wakhoza kapena chimene ayesetse.

*a) Akutsanzira ife.* Tsegulani makope awo, muone zimene zalembedwa ndi bolopeni yofiira. Ngati ndemanga zathu zili za liwu limodzi, zawo sizingapose pamenepo. Kwa masabata angapo lembani ndemanga zathunthu pa makalata ochepa amene mukuchonga nokha, muziwerenge mokweza.

*b) Sanaphunzitsidwe kuti ndemanga imakhala ndi chiyani.* Apatseni zinthu zitatu zoti zipezeke: chimodzi chimene chayenda bwino ndi pamene chili, chimodzi chimene chikusowa ndi pamene chili, ndi chochita. Pa kalata 41 ndemanga yabwino ingakhale yotere:

"Makeyala onse awiri wawaika pamalo ake, ndipo malonje ndi oyenera kalata yantchito. M'ndime yachiwiri wanena kuti anthu akuvutika koma sunafotokoze kuti akuvutika motani. Onjezera chiganizo chonena kumene akutunga madzi panopa ndi mtunda wake."

Onani kuti ndemangayi sikubisa cholakwika. Kukoma mtima kwake kuli pakuti ikunena za kalata osati za munthu, ikuloza malo, ndipo ikupereka ntchito imene mwiniyo angaichite m'mphindi zisanu.

*c) Akuopa kukhumudwitsa mnzawo.* Ana ambiri analeredwa kuti kudzudzula mnzako pamaso n'kusowa ulemu, makamaka ngati ali wamkulu msinkhu. Aphunzitseni kusandutsa chidzudzulo kukhala funso: "Kodi mjigowu unawonongeka liti?" "Kodi ukufuna kuti khansala atumize amisiri kapena agule zipangizo?" Funso sililasa, koma limaonetsa dzenje.

*d) Nthawi yachepa.* Onani chizindikiro 6.

Chizindikiro 4: Ndemanga zolasa

Izi zili mitundu iwiri, ndipo musazisakanize. Pali ndemanga yowuma chabe, monga "Zonse n'zolakwika" kapena mndandanda wa zolakwika khumi ndi zisanu. Palinso yonyoza munthu: "Mbuli iwe", "Bwerera ku pulayimale".

1. *Wochonga akuganiza kuti kuchonga bwino n'kupeza zolakwika zambiri.* Nthawi zambiri amakhala mwana wanzeru amene akufuna kukusangalatsani. Muikireni malire: chokonza chimodzi, kapena ziwiri zikachuluka, ndipo asankhe chimene chingabweze malikisi ambiri. Pa kalata 41, kufotokoza mfundo kungabweze malikisi 4, pamene kukonza "njigo" sikungabweze ngakhale imodzi.
2. *Wochonga akudziwa kuti sadziwika.* Kubisa dzina la mwini kalata n'kothandiza, koma wochonga ayenera kudziwika kwa inu. Pakapepala kalikonse pakhale nambala yake, ndipo ana adziwe kuti mndandanda wa manambala uli nanu.
3. *Akubwezera.* Sabata yatha anapatsidwa 7, lero wapeza mpata. Tsegulani njira yodandaulira: amene sanakhutire ndi malikisi ake abwere ndi kalata, aloze mzere wa pa muyezo ndi chiganizo chimene akuona kuti sanamuwerengere. Wobwera ndi mawu akuti "Madamu, andipondereza" opanda kuloza kanthu abwerere akakonzekere.
4. *Mkangano wakunja kwa kalasi.* Asiyanitseni magulu mwakachetechete.

Masabata oyamba, timapepala tonse tizidutsa kwa inu tisanafike kwa eni ake. N'tambiri, koma simukutichonga, mukungoyendetsa maso kufuna mawu onyoza. Kamene mwakapeza kasafike kwa mwini kalata. Muitane wolembayo payekha, alembenso ndemanga yake motsata zinthu zitatu zija.

Chizindikiro 5: Eni makalata sakukonza chilichonse

Mwana walandira timapepala take, wayang'ana nambala, wafunsa mnzake kuti, "Iwe wapeza zingati?" n'kupinda zonse m'thumba. Ntchito yonse ija yapita pachabe.

*a) Malikisi aphimba ndemanga.* Ruth Butler, m'kafukufuku wake wa mu 1988 ku Israel, anagawa ana a m'makalasi achisanu ndi achisanu ndi chimodzi patatu: ena ankalandira malikisi okha, ena ndemanga zokha, ena zonse ziwiri. Amene anapita patsogolo ndi olandira ndemanga zokha. Olandira zonse ziwiri sanasiyane kwenikweni ndi olandira malikisi okha. Choncho kapepala kadulidwe pawiri. Mwini kalata alandire ndemanga kaye, akonze, ndipo malikisi awaone pambuyo.

*b) Simunapereke nthawi yokonzera.* Mukati "mukakonze kunyumba", ochepa ndiwo amakonza. Kukonza kuchitike m'kalasi momwemo, ndipo kusakhale kukopera kalata yonse. Alembenso ndime imodzi yokha imene yalozedwa, pansi pa kalatayo.

*c) Sakhulupirira mnzake.* "Iyeyu andiuza chiyani, poti ndimamuposa?" Muloleni kukana ndemanga, koma alembe chifukwa chake m'chiganizo chimodzi, motsamira pa muyezo. Kuti akane bwino ayenera kuwerenganso kalata yake, ndipo n'zimene timafuna.

Chizindikiro 6: Belu likulira ntchito ili pakati

Piriyodi imodzi ya mphindi 40 siikwana. Gwiritsani ntchito mapiriyodi awiri otsatizana, makalata atalembedwa kale dzulo lake: mphindi 15 kuchonga chitsanzo cha pabolodi, 8 pa kalata iliyonse (zonse 24), 10 kukambirana m'magulu, 20 kukonza. Zotsalazo zimathera kugawa ndi kutolera. Milu muisanje usiku wake. Ngati nthawi ikuchepabe, chotsani gawo la kalembedwe, chifukwa kuwerenga zolakwika ndiko kumadya nthawi, ndipo ndi gawo limene ana amalakwitsa kwambiri.

Pamene muyenera kuleka n'kuitana ena

- *Malikisi olowa pa lipoti kapena oweruza tsogolo la mwana.* Mayeso a kumapeto kwa teremu, mayeso oyeserera a MSCE, ndi chilichonse chosankhira amene apite patsogolo, muchonge nokha kapena ndi aphunzitsi anzanu.
- *Masabata atatu apita, mwakonza muyezo, koma malikisi a ana akusiyanabe ndi anu ndi oposa 3.* Pemphani mkulu wa dipatimenti ya zilankhulo achonge makalata asanu ndi muyezo wanu, asanaone malikisi anu. Ngati nayenso akusiyana nanu, lembaninso muyezo pamodzi musanaubwezere kwa ana.
- *Malikisi akugulidwa kapena kukakamizidwa.* Mukamva za mandasi, ndalama kapena mawu akuti "tionana poweruka", imitsani kuchongerana tsiku lomwelo, nkhani ipite kwa mphunzitsi wamkulu ndi komiti yosungitsa mwambo.
- *Ndemanga yonyoza mtundu, chipembedzo, ulumali, khungu lachialubino, matenda kapena mimba.* Iyi sinkhani ya kachongedwe. Sungani kapepalako ngati umboni, musakawerenge pagulu, ndipo dziwitsani mphunzitsi wamkulu ndi mphunzitsi wopereka uphungu.
- *Mwana amene amavutika kwambiri kuwerenga, kulemba kapena kuona.* Kalata yake isalowe m'mulu mpaka mutakambirana naye komanso ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera. Nambala siingamubise, anzake amazindikira ntchito yake msanga.
- *Kalata ikuulula nkhanza, kugwiriridwa, kukakamizidwa ukwati kapena maganizo ofuna kudzipha.* Ichotseni m'mulu nthawi yomweyo. Wochonga amene waiwerenga mulankhule naye payekha kuti asafalitse. Musafufuze nokha kapena kuitana makolo musanadziwe amene akukhudzidwa. Dziwitsani mphunzitsi wamkulu tsiku lomwelo, kuti nkhani ifike kwa oteteza ana a m'dera lanu kapena ku nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa. Nambala yaulere yothandiza ana ndi 116. Pa chifukwa chomwechi, mitu yokhudza moyo wa kunyumba, monga "Tsiku limene sindidzaliiwala", isamachongedwe ndi ophunzira. Imeneyo muziwerenga nokha.